Khadi la ukwati lafika pa foni m'Chingerezi: ndimasulire ndi iwe kapena ndi inu? Mafunso ndi mayankho

Masiku ano makhadi ambiri sakufika pamanja, wina amangojambula n'kuponya pa WhatsApp, ndiye ngati m'banja mwanu ndinu amene mumadziwika kuti Chingerezi mumachitha, ntchito yowamasulira agogo, azakhali kapena amalume akumudzi imagwera inuyo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa ntchito imeneyi.

Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha lolozera munthu amene ukuyankhula naye, ndiye ndidziwa bwanji kuti apa ndi iwe, apa ndi inu?

Musanayambe kulemba, chikulitseni chithunzicho ndi zala muone zinthu ziwiri: akuyankhula pa khadipo ndani, ndipo akuyankhula kwa ndani. Ambiri apa ndi pamene amaphonya chifukwa amayamba kuganiza za munthu amene iwowo akumutumizira. Mwachitsanzo mukutumizira mng'ono wanu amene mumamuuza iwe tsiku ndi tsiku, ndiye dzanja limangothamangira kulemba kuti akukuitana ubwere. Komatu pa khadipo simukuyankhula ndinu ayi, akuyankhula ndi makolo a mkwatibwi, anthu akuluakulu amene akuitana mlendo ku mwambo wa mwana wawo, ndipo anthu otere ngakhale woitanidwayo akhale mnyamata wa zaka 19 anganene kuti tikukuitanani.

Pa khadi la ukwati woyankhula amakhala pamwamba penipeni. Mukaona mayina a makolo kapena mawu oti mabanja a uje ndi uje, dziwani kuti ndi inu kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Mukaona mayina oyamba okha a akwatiwo, opanda makolo, khadilo ndi lomasukirapo koma nalonso nthawi zambiri ndi inu, chifukwa lasindikizidwa limodzi kupita kwa anthu ambirimbiri, muli abwana akuntchito, muli abusa, muli apongozi.

Ndipo mukakayika, tengani inu. Mnzanu mukamupatsa inu pa khadi sadandaula, amadziwa kuti ndi mmene makhadi amayankhulira. Koma amalume mukawapatsa iwe, nkhani imeneyo ikafika mpaka kwa ankhoswe, ndipo odzudzulidwa akhala eni ukwati amene sanalakwe chilichonse.

Tandionetsani chitsanzo chenicheni, kuyambira pamwamba mpaka pansi

Tiyerekeze msuweni wanu amene ali ku Joni akudzamangitsa ukwati ku Lilongwe, watumiza chithunzi cha khadi loyera la zilembo zagolide zopiringizika zija, ndipo inu mukufuna kuwawerengera azakhali ku Dedza. Pamwamba pali mayina a makolo a mbali zonse ziwiri, bambo ake a mnyamata anamwalira ndiye kutsogolo kwa dzina lawo kuli liwu losonyeza zimenezo. Kenako pali chiganizo chachitali cha Chingerezi chakale chija chonena kuti akupempha ulemu wa kupezeka kwanu. Pali kamzere ka timadontho pamene alembapo ndi bolopeni dzina la azakhali ndi amuna awo. Pansi pali tchalitchi, holo, nthawi, ndi zilembo za RSVP ndi manambala a foni.

Ine ndingalembe chonchi:

Bambo ndi Mayi Uje a ku Dedza, pamodzi ndi Mayi Ujeni ndi banja la malemu Bambo Ujeni a ku Ntcheu, akukuitanani mwaulemu inu Bambo ndi Mayi Akutiakuti ku ukwati wa ana awo, Uje ndi Ujeni, Loweruka pa 14 Disembala. Ukwati udzadalitsidwa ku tchalitchi cha Katolika cha Maula nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo madyerero adzachitikira ku holo yakutiyakuti kuyambira 1 koloko masana. Chonde adziwitseni ngati mudzabwere poimba pa manambala awa pasanafike pa 30 Novembala.

Taonani zimene zachitika apa. Chiganizo chopempha ulemu wa kupezeka kwanu chija sindinachitsate liwu ndi liwu, chifukwa mukatero chimatuluka chinthu choti azakhali akufunsani kuti ndiye akuti chiyani kwenikweni. Ulemu wonse umene Chingerezi chaunyamula ndi mawu ambirimbiri aja, Chichewa chaunyamula ndi ka -ni ka pa akukuitanani ndi liwu loti mwaulemu, basi zakwana. Khadi loyambirira likuyankhula ngati pali wina wapambali amene akulengeza, silikunena kuti ife, ndiye inenso ndasunga akukuitanani osati tikukuitanani. Likadanena kuti ife ndikadalemba tikukuitanani. Malemu sangaitane munthu ku ukwati, n'chifukwa chake ndalemba kuti banja la malemu, ena amasankha kuika dzinalo pa mwana, kuti Ujeni mwana wa malemu Bambo Ujeni, zonsezi zili bwino. Ndalembanso ana awo osati ana ake.

China ndi mneni wa ukwatiwo. Chingerezi chimagwiritsa liwu limodzi kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ife ayi, mwamuna amakwatira mkazi amakwatiwa. Khadi likati mwana wawo wamkazi, lembani kuti akukwatiwa ndi uje. Mukaona kuti zikukusokonezani, kulowa m'banja kapena kumanga banja kumakwanira onse awiri ndipo kumamveka mwaulemu. Musamalenso potayipa chifukwa pali liwu lina loyandikana kwambiri ndi kukwatirana limene ndi lotukwana, zilembo ziwiri zokha zikagwa pakati mwalemba zoti simungawerenge pamaso pa azakhali.

Nanga mawu anga a ine mwini ndiwaike pati?

Padera. Tumizani mesiji yanu kaye m'mayankhulidwe anu a masiku onse, kaya ndi aise khadi lija ndi ili ndakumasulira, kaya ndi azakhali mwaswera bwanji khadi la ukwati lija akuti chonchi. Kenako mesiji yachiwiri ikhale khadi lokhalokha. Mesiji yachiwiriyo anthu aitumiza kwa ena, ifika ku gulupu ya banja ndi ya kumpingo, ndiye isakhale ndi iwe wanu uja mkati. Pa voisi noti chimodzimodzi, nenani kuti tsopano ndikuwerenga khadi, mukamaliza nenani kuti khadi lathera pamenepa.

Ndalemba mubwere, ndiye agogo amva ngati aitanidwa pamodzi ndi mudzi wonse. Ndikonze bwanji?

Ili ndiye vuto lenileni la inu ndipo ndimaona kuti anthu salilabadira mokwanira. Inu ndi ulemu kwa munthu mmodzi, inu yemweyo ndi anthu ambiri, ndipo mubwere sanena kuti mubwere angati. Kwathu kuno ukwati ndi wa aliyense, amene wamva ng'oma amapita, perekaniperekani amakoma ndi chigulu. Koma maukwati ambiri a m'tauni ndi akunja amawerenga mipando ndi mbale, holo kapena hotela analipira pa mutu pa mutu, pakhomo pali munthu woona makhadi. Ndiye mukangolemba kuti akukuitanani osaonjezera kanthu, mwatumiza minibasi yodzaza kumalo kumene akuyembekezera anthu awiri, ndipo manyazi obwezedwa pageti atavala kale zaukwati ndi aakulu kuposa a iwe ndi inu.

Yang'anani pa kamzere ka dzina paja kapena m'munsi mwa khadi, nthawi zambiri pamakhala timawu tating'ono tonena kuti khadili ndi la munthu mmodzi kapena awiri, kapena kuti wopanda khadi salowa. Zimenezo zimasulireni ndithu, musazibise poopa kuti zimveka zamwano, kungoti muziveke bwino. Khadili ndi la anthu awiri, inuyo ndi amuna anu. Kapena, malo amene akusungirani ndi a munthu mmodzi, ndiye akupempha kuti mudzabwere inuyo nokha. Kapenanso, chonde mudzatenge khadili chifukwa pakhomo adzalifuna. Ngati khadi likunena kuti ndi banja lonse, pamenepo lembani inu ndi banja lanu lonse, kuti nawonso asachite kudzimana.

Palinso kusiyana kwa kutchalitchi ndi kumadyerero. Makhadi ena akuitanirani zonse, ena madyerero okha, ena kutchalitchi kuli kwa aliyense koma kuholo ndi kwa a makhadi okha. Lembani chilichonse pa chiganizo chake.

Akwatiwo ndi achinyamata, khadi lawo ndi lanthabwala, lili ndi zithunzi zawo akuseka ndi mawu ngati oti bwerani tidzavine. Apa sindingaike iwe?

Kumasuka si iwe. Mutha kumasuka kwambiri muli pa inu yemweyo: tikumanga banja, bwerani tidzasangalale limodzi, musadzaiwale nsapato zovinira. Mukuona kuti palibe Bambo ndi Mayi, palibe mwaulemu, ziganizo ndi zifupizifupi, koma bwerani akadali bwerani. Chichewa cha pa khadi chili ndi masitepe atatu osati awiri. Pali inu wa mwambo wa akukuitanani mwaulemu, pali inu womasuka wa bwerani tidzavine, ndiye pali iwe. Makhadi a bulayido shawa, sendofu ndi ambiri a chinkhoswe cha masiku ano chochitikira mu holo amakhala bwino pa sitepe yapakatiyo.

Iwe amalowa pamene pali mawu olembedwa pamanja kwa munthu mmodzi. Mkwatibwi walemba kuseri kwa khadi kwa mnzake wa kusekondale kuti usadzalephere, ndikufuna udzakhale pafupi nane, apo ndi iwe ndithu ndipo mukaika inu mwawasandutsa alendo anthu amene anagonera bedi limodzi ku hositelo. Ndiye khadi limodzi litha kukhala ndi zonse ziwiri, zosindikiza inu, zapamanja iwe, ndipo pomasulira nenani kuti apa alemba pamanja.

Ndingadziwe bwanji kuti ndasakaniza?

Werengani mokweza, khutu limagwira msanga kuposa maso. Kulakwitsa kofala ndi kotere: tikukuitanani kuti ubwere ndi banja lako. Chayamba ndi inu chathera kwa iwe. Malo oti muone ndi anayi. Koyambirira kwa mneni, u- kapena mu-, ubwere mubwere. Kumapeto kwa mneni wokhala ndi -ku- pakati, tikukuitana tikukuitanani, ndimakukonda ndimakukondani, akudalitse akudalitseni. Mawu aumwini, wako wanu, lako lanu. Ndi polamula, bwera bwerani, imba imbani.

Amene amazemba kwambiri ndi wachiwiriyo chifukwa -ku- amakhalapo konsekonse, chosiyanitsa ndi ka -ni kokha kumapeto, ndiye munthu ukutayipa mothamanga umangokasiya. Amayi ndimakukonda ndi chiganizo choti mwana woleredwa bwino sanena, ngakhale chayamba ndi amayi. Onaninso anthu amene akutchulidwa, osati olandira okha. Bambo Uje akuitana, osati waitana. Agogo afika zaka 80, osati wafika.

Nanga mawu ouma aja, oti ana ayi, mphatso ndalama zokha, zovala zamtundu wakuti?

Pewani osa- woyambira chiganizo. Osabwera ndi ana, osachedwa, osajambula, chimenecho ndi Chichewa cha pa chikwangwani cha osataya zinyalala pano, ndipo ngakhale mulibe iwe, pa khadi la ukwati chimamveka ngati akukukalipirani. Bwezerani mu- ndi chonde kapena akupempha. Akupempha kuti ana adzatsale kunyumba. Chonde mudzasunge nthawi. Akupempha kuti m'tchalitchi musadzajambule ndi mafoni.

Makhadi ena makamaka ochokera ku Mangalande amanena mozungulira kuti sakufuna mphatso za m'mabokosi, tanthauzo lake ndi lakuti akufuna ndalama. Mukamasulira liwu ndi liwu azakhali angotulutsa mbale zija m'katoni n'kuzikulunga m'chitenje. Lembani kuti amene akufuna kupereka mphatso, akwati angakonde ikhale ya ndalama. Kwa ife zimenezi sizachilendo olo pang'ono.

RSVP ndi chidule cha mawu a Chifalansa opempha kuti muyankhe. Si mayina a ankhoswe kapena a komiti, ngakhale pa makhadi athu ambiri zimangooneka ngati manambala ofunsira njira. Pa khadi lakunja akutanthauzadi kuti muyankhe tsiku lisanadutse, mukapanda kutero mpando wanu palibe.

Mayina ndi maudindo ndichite nawo bwanji?

Dzina la munthu wamkulu lisaime lokha. Bambo Phiri, Mayi Banda, kapena a Phiri, a Banda. Chingerezi chimasiyanitsa mkazi wokwatiwa, wosakwatiwa ndi amene sakufuna kunena, inu ingolembani Mayi kwa mkazi wamkulu aliyense, palibe amene angakhumudwe. Udindo ukakhalapo usungeni: Abusa, Shehe, Dokotala, a Gulupu, ndipo wansembe wa Katolika ndi Bambo. Akwati eniake mayina oyamba amakwana chifukwa akutchulidwa ndi makolo awo ngati ana.

Musaonjezere zimene palibe. Mwina mukudziwa kuti amayi ake a mkwatibwi kumudzi amadziwika kuti Nabanda kapena Naphiri, ndipo n'zoona kuti kuitana munthu ndi mfunda wake ndi ulemu waukulu, koma ngati pa khadi sanalembe, nenani zimenezo mu mesiji yanu ija kuti azakhali awazindikire, osati mkati mwa khadi. Mayina a tchalitchi, holo ndi misewu asiyeni mmene alili, anthu akafunsira kwa kondakitala ndi dzina lomwelo.

Makhadi a mafuno abwino nawo bwanji, a Khrisimasi, a tsiku lobadwa, a anakubala?

Awa ndi osiyana ndi a ukwati chifukwa amachokera kwa munthu mmodzi kupita kwa munthu mmodzi, ndiye funso ndi lakuti awiriwa akakumana amayankhulana bwanji. Ndakatulo yosindikizidwa mkatimo analemba ndi munthu wa kufakitale amene sakuwadziwa, koma wogula khadiyo waisainira kukhala mawu ake, ndiye imatsata ubale wawo.

Kwa amayi, abambo, agogo, azakhali, amalume, apongozi, aphunzitsi, abwana, ndi inu popanda kukambirana. Khadi la anakubala limati amayi ndimakukondani, zikomo pondilera, Mulungu akupatseni moyo wautali. Tsikuli ku Malawi ndi pa 15 Okutobala, koma khadi lochokera ku Joni lifika mu Meyi ndipo la ku Mangalande nthawi zambiri mu Malichi chifukwa kumeneko amakumbukira nthawi zimenezo, ndiye auzeni amayi asadabwe.

Kwa mwana wamng'ono ndi iwe, ukule bwino, tikukunyadira. Kwa mwana amene wakula ali ndi banja lake, funsani, chifukwa makolo ambiri amasintha n'kuyamba kumuuza inu, makamaka akabereka, mpaka kumamuitana kuti make uje kapena bambo a uje.

Pa mwamuna ndi mkazi wake ndi pamene sindingakupatseni lamulo. Pali mabanja amene akhala zaka 40 akuuzana inu ndipo chikondi chawo chili momwemo, ndimakukondani bambo a uje ndi mawu ofunda kwambiri kwa iwowo. Pali achinyamata amene inu amatuluka pokhapokha akayambana. Ngati mukuwadziwa tsatani mmene mumawamvera akuyankhulana, ngati simukuwadziwa mufunseni wakupatsani chithunziyo kuti kodi kunyumba mumati iwe kapena inu, ndi funso la sekondi imodzi. Alamu ndi asuweni amene mumaseleulana nawo, pakamwa zimatheka zambiri, koma khadi limaikidwa pa kabati pabalaza alendo n'kumaliwerenga, ine ndimaika inu womasuka uja.

Khadi la chipepeso likamapita ku banja lofedwa ndi pepani, Mulungu akutonthozeni, ndipo womwalirayo ngati anali wamkulu atisiya, osati watisiya. Likachokera ku kampani kapena ku mpingo, ngakhale la Khrisimasi, ndi tikukufunirani.

Pa khadi pali vesi la m'Baibulo, ndimasulire ndekha?

Ayi, tsegulani Baibulo la Chichewa mukopere. Anthu mavesi a ukwati ngati Genesis 2:24, Maliko 10:9 ndi Mlaliki 4:9 amawadziwa pamtima, mukawalemba m'mawu anuanu amva kuti china chake chapotoka. Buku Lopatulika la 1922 ndi limene akuluakulu ambiri a CCAP ndi mipingo ina anakulira, Chichewa chake ndi chakale ndipo chimagwirizana ndi khadi la mwambo. Buku Loyera la 1998 ndi losavuta kumva. Sankhani limene wolandirayo amawerenga.

Ndipo iwe kapena inu wa mu vesi musamukhudze kuti afanane ndi khadi lonse. Rute 1:16 amakonda kuikidwa pa makhadi ngati mawu a mkwatibwi kwa mkwati, koma m'nkhanimo Rute akuyankhula ndi apongozi ake Naomi, ndiye mukapeza inu pamenepo musiyeni choncho. Pemphero lililonse lopita kwa Mulungu ndi Inu.

Chithunzi chadulidwa kapena zilembo zagolide zikunyezimira sizikuwerengeka, ndingoyerekeza?

Pemphani china. Auzeni ajambule pafupi ndi windo masana, azimitse fulashi, khadi aligoneke patebulo, ndipo ajambule kutsogolo, mkati, kuseri ndi envelopu yomwe. Envelopuyo ndi kamzere kolemba pamanja ndi zimene zimakuuzani kuti khadi likupita kwa ndani, ndipo ndi zomwezo zimene ojambula amakonda kudula. Mukaona chithunzi chili ndi kachizindikiro ka Forwarded ndipo kamzere ka dzina kalibe kanthu kapena kali ndi dzina la munthu wina, musalembe kuti akukuitanani, chifukwa mwina amene mukuwawerengerawo sanaitanidwe. Lembani kuti khadili likulengeza ukwati wa uje ndi uje, kenako afunse eni ake.

Deti nalo muone bwino. Khadi la ku Amereka likalemba 04/05 ndi pa 5 Epulo chifukwa iwo amayamba ndi mwezi, pamene kwathu, ndi ku Mangalande komwe, timawerenga kuti 4 Meyi. Fananizani ndi tsiku la sabata limene lalembedwa pa khadipo, ndipo m'Chichewamo lembani dzina la mwezi, nthawinso muonjezere m'mawa, masana kapena madzulo.

Wolandira ali ku Zambia kapena ku Mozambiki, zisintha?

Pang'ono. Ku Chipata ndi madera ozungulira inu ndi a- zimayenda ngati kwathu konkuno. Nyanja ya m'tauni ku Lusaka mumva imwe m'malo mwa inu ndi ba kutsogolo kwa dzina m'malo mwa a, ndiye pa mawu apamanja ochokera kwa mnzawo mutha kutsata zimenezo, koma pa zosindikiza za makolo inu amamveka bwinobwino. Khadi lochokera ku Tete kapena ku Angonia likakhala la Chipwitikizi ntchito imachepako, chifukwa chinenerocho chimasiyanitsa chokha mayankhulidwe a pa chinzake ndi aulemu, ndiye amene akukuwerengerani Chipwitikizicho mufunseni kuti agwiritsa ati, inu mutsate omwewo.